Wogulitsa akangoti zii mutalipira kale: mmene mungamulembere

Funso: "Ndangoyamba kumene geni ya nyemba kuno ku Lizulu. Pa 28 Epulo ndinatumiza K900,000 pa Mpamba kwa bambo wina wa ku Ulongwe ku Mozambique, theka la mtengo wa matumba 10, ndipo anati katundu afika pa boda ya Dedza pa 2 Meyi. Mpaka lero palibe, foni sakuyankha, mameseji akungowerenga. Ndimulembere zotani kuti adziwe kuti sindikusewera, koma osamunyoza?"

Achemwali, pepani. Poyamba siyani kaye kuimba. Mafoni 15 pa tsiku ndi mameseji a "muli kuti?" amangomuphunzitsa munthu kuti foni yanu ndi yosayankha, ndipo tsiku loti nkhani yafika kwa akuluakulu mulibe chogwirika choti muonetse. Chofunika ndi uthenga umodzi wolembedwa, woti munthu amene sakukudziwani nonse awiri atauwerenga amve nkhani yonse.

Musanalembe, sungani umboni. Jambulani sikilinishoti macheza onse a pa WhatsApp, makamaka pamene anatchula mtengo, chiwerengero cha matumba ndi tsiku, nambala yake ikuoneka pamwamba. Mavoisi amene anakutumizirani muwatumize ku foni ya m'bale wanu. Chitani zimenezi lero, chifukwa munthu akazindikira kuti zinthu zavuta amayamba kufufuta. Kenako tsegulani meseji ya Mpamba imene inabwera mutatumiza ndalama, muone nambala ya malipiro ndi dzina la amene analandira. Apa ndi pamene geni yathu ya m'malire imasiyana ndi ya ku tauni. Ogulitsa ambiri a ku Angonia, dera la ku Mozambique kumene kuli Ulongwe, amakupatsani nambala ya ku Malawi ya wosintha ndalama, ya mlamu wawo, kapena ya ejenti wa pa boda, kuti iyeyo awapatse mametikashi pamanja kapena pa M-Pesa. Ngati dzina la pa meseji si la wogulitsayo, fufuzani pamene analemba yekha kuti "tumizani pa nambala iyi". Mzere umenewo ndi umene ukumumanga. Popanda umenewo angathe kunena kuti ndalamazo sanazione, ndipo nthawi zina zimakhaladi zoona: wapakatiyo ndiye wazigwira, wogulitsa akuganiza kuti simunalipire. N'chifukwa chake uthenga woyamba suyenera kumutcha munthu wakuba.

Mwanena kuti akuwerenga. Zimenezo n'zabwino kuposa mmene mukuganizira. Timachongi tiwiri tabuluu tikutanthauza kuti nambala ikugwirabe ntchito ndipo sanakutsekeni. Kachongi kamodzi kotuwa kwa masiku ochepa sikodabwitsa kwa munthu wa ku Ulongwe, poti ambiri ali ndi simu ziwiri, ya kuno ndi ya kwawo, ndipo akalowa kumidzi kukagula nyemba netiweki imasowa. Koma kachongi kamodzi, chithunzi chake chasowa, foni ya pa WhatsApp siikulowa, pomwe pa foni ya mnzanu akuoneka bwinobwino, ameneyo wakutsekani. Inu simunafike pamenepo. Munthu wowerenga osayankha kawirikawiri amakhala woti ndalama anagwiritsa ntchito ina, kapena nyemba zakwera mtengo kumunda ndiye matumba 10 sakukwananso pa mtengo munagwirizana, kapena anagulitsa katundu wanu kwa wina wolipira zambiri. Akuchita manyazi, akudikira kuti apeze ponenera. Uthenga wanu umupatse potulukira, koma khomo lake likhale ndi tsiku lotsekera.

Ine ndikanalemba chonchi:

"Mwaswera bwanji bambo Uje? Ndine mayi Uje wa ku Lizulu. Pa 28 Epulo ndinatumiza K900,000 pa nambala ya Mpamba imene munandipatsa, monga theka la mtengo wa matumba 10 a nyemba a makilogalamu 50. Meseji ya malipiro ndi iyi ndaiphatikizayi. Tinagwirizana kuti katundu afika pa boda ya Dedza pa 2 Meyi, koma mpaka lero sanafike ndipo sindinamve chilichonse kwa inu. Ngati pagwa vuto, ndiuzeni, tikambirana. Ndikupempha chimodzi mwa ziwiri izi pofika Lachisanu pa 16 Meyi, 12 koloko masana: matumba 10 afike pa boda, kapena K900,000 ibwerere pa nambala yangayi. Chonde ndiyankheni pofika mawa madzulo kuti mwasankha chiti. Ndikapanda kumva kwa inu, nkhaniyi ndikaitula kwa bambo Uje amene anatilumikiza komanso kwa akomiti ya msika. Zikomo."

Muona kuti mulibe mawu ofotokoza mmene mtima ukukupwetekerani, za fizi ya ana kapena za ngongole ya ku banki mkhonde. Zonsezo n'zoona, koma mukazilemba mumamupatsa choyankha chapafupi: "pepani mayi, Mulungu atithandiza." Mukalemba masiku ndi ndalama zokhazokha, chimene chatsala kuti ayankhe ndi masiku ndi ndalama. Moni, "bambo" ndi "inu" zikhalepo mpaka kumapeto. Angonia ndi kwathu komwe, Chichewa chake ndi chomwechi, ndipo munthu mukangomuti "iwe" nkhani imasanduka ya mwano wanu, nyemba n'kuiwalika. Akakauza anzake kumsika adzayambira pamenepo, ndipo mawa mudzafuna kugula kwa anzake omwewo.

Mawu akuti "ngati pagwa vuto, ndiuzeni" musawachotse, koma musawonjezerenso. Mzere umodzi wakwana. Mukayamba kumupangira zifukwa nokha, kuti mwina kwagwa maliro, mwina galimoto yafa, adzangosankhapo chimodzi.

Za tsiku lomaliza, apa ndiimepo pang'ono. "Msanga", "sabata ino" kapena "posachedwa" si tsiku. Lembani dzina la tsiku, deti ndi ola. Komanso tsikulo likhale lotheka. Munthu amene ndalama anagulira katundu wina sangazitulutse pa maola 24; ayenera kudutsa tsiku la msika kuti agulitse, asinthe mametikashi, kenako atumize. Masiku anayi kapena asanu, msika umodzi uli pakati, ndiwo ndimaona kuti amagwira ntchito. Mukapereka tsiku limodzi, alephera ndithu, ndipo inu mudzakakamizika kuchita zimene munanena nthawi isanakwane, kapena kubweza mawu. N'chifukwa chakenso mu uthengamo muli masiku awiri. La mawa ndi la yankho chabe, limene silifuna ndalama. Wolephera kulemba mzere umodzi pofika mawa wakuuzani kale zambiri za Lachisanu.

Onaninso kuti ndalama ndazilemba m'makwacha, monga mmene munatumizira. Pa geni ya m'malire pamabuka mkangano wina pobweza: iye amati analandira mametikashi akutiakuti, abweza omwewo, ndipo mtengo wosinthira wasintha kale. Mukatchula K900,000 kuyambira uthenga woyamba, ndipo iye osatsutsa, mwatseka mpata umenewo.

Mzere womaliza uja, wonena chimene mudzachite, ulembedwe ndi chinthu chokhacho chimene mungachitedi. Anthu amakonda kulemba kuti "ndikumangitsani". Wogulitsa wa ku Ulongwe akudziwa bwino kuti apolisi a ku Dedza sangawoloke kukamugwira kwawo, ndiye mawuwo amangomuseketsa. Chimene amaopa n'kutaya malo ake ogulitsira: munthu amene anakulumikizani, madalaivala amene amamunyamulira katundu, akomiti ya msika umene amabwerako. Wogulitsayo amadya chifukwa cha ogula a ku Malawi, ndipo pa Lizulu penipeni malire ndi msewu, tsiku lina adzawoloka basi. Komanso musalembe kuti muika chithunzi chake pa Facebook kapena m'magulu. Kuno kuli lamulo la 2016 loona za mauthenga a pa intaneti, ndipo mungapezeke woyankha mlandu ndinu, ndalama zanu zisanabwere.

Tumizani uthengawo pa WhatsApp komanso pa meseji wamba, ku manambala ake onse. Ngati mukukayika kuti kuwerenga kumamuvuta, muwerengereni mawu omwewo pa voisi, osaonjezera, mawu ali pansi. Mukatero khalani chete mpaka mawa madzulo. Apa ndi povuta, chala chimayabwa, koma meseji iliyonse yowonjezera imakankhira uthenga weniweni m'mwamba mpaka usaonekenso.

Akayankha, nthawi zambiri amaimba foni, chifukwa pakamwa sipatsala umboni. Yankhani, mumvetsere, ndipo mukangodula lembani: "Zikomo poimba. Monga tagwirizana, mutumiza K400,000 Lachisanu pa 16 Meyi, ndipo K500,000 yotsala pa 23 Meyi. Ngati ndalemba bwino, yankhani kuti eya." "Eya" ameneyo ndi wamtengo wapatali, chifukwa ndi kuvomera ngongole ndi dzanja lake. Kubweza pang'onopang'ono landirani, bola nthawi iliyonse muzilemba zimene zalowa ndi zotsala. Akati abweretsa matumba 8 chifukwa mtengo wakwera, zili kwa inu, koma theka lotsala lija liwerengedwe pa matumba 8, ndipo lilipidwe mutaona katundu ndi maso n'kuika pa sikelo. Chimodzi chokha musavomere: kutumizanso ndalama. "Katundu ali pa boda, pakufunika K80,000 ya tilansipoti ndi msonkho" ndi nyimbo imene tonse taimvapo. Ngati alidi pa boda, kuchoka ku Lizulu kufika ku Dedza si mtunda. Kwerani minibasi mukaone.

Akapanda kuyankha, chitani zimene munanena, tsiku lomwe munanena. Pitani kwa amene anakulumikizani ndi masikilinishoti anu, ndipo wogulitsayo mumulembere mizere iwiri yokha: "Bambo Uje, tsiku lija ladutsa osamva kwa inu. Nkhaniyi ndaitula kwa bambo Uje ndi akomiti, ndipo Lolemba ndikupita ku polisi ndi nambala imene inalandira ndalama." Polisi ikulowa pano chifukwa nambalayo ndi ya ku Malawi. Simu za kuno zimalembetsedwa ndi chiphaso, ndiye mwini wake ali ndi dzina. Kampani ya foni singakuuzeni inu za mwini nambala, ndipo kubweza ndalama kumathandiza amene waphonya nambala n'kudandaula msanga, osati amene wakangana ndi wogulitsa patapita masabata. Koma apolisi ali ndi njira yofunsira. Dziwani kuti akaona nkhaniyo adzafuna kusiyanitsa ngati ndi kuba mwachinyengo kapena ngongole wamba. Munthu amene analibe nyemba chiyambire ndi nkhani yawo. Amene wavomera ngongole koma akuchedwa, angakuuzeni kuti mupite kukhoti la majisitireti. Konse kuwiri adzakufunsani zinthu zofanana: meseji ya malipiro, pamene anakupatsani nambala, pamene analonjeza tsiku, ndi uthenga umene munamupempha kuti abweze. Zisindikizeni pa pepala musanapite, makope awiri, ina ikhale yanu.