Ziro ya pa repulika ingakunamizeni: yezani kutsalira ndi wotchi yanuyanu

"Akuluakulu, thandizeni. Ndimayang'anira detabesi ya MySQL ya kakampani kobwereketsa ndalama. Seva yaikulu ili kuno ku Lusaka, repulika ili ku nthambi yathu ya ku Chipata. `Seconds_Behind_Source` ikuonetsa 0, koma makalaliki a kumeneko akuti munthu akalipira pa foni, ngongole yake imaonekabe yonse kwa mphindi zingapo. Ndikhulupirire ndani? Nanga ndi masekondi angati pamene munthu ayenera kusiya kudalira repulika?"

Achimwene, khulupirirani makalaliki. Nambala imeneyo sikuti yawonongeka, koma imayeza chinthu china, osati chimene inu mukufuna kudziwa.

Repulika ndi seva yokopera deta ya seva yaikulu, ndipo pa iyo pali antchito awiri. Woyamba amakoka zosintha zonse kuchokera mu binilogi, kaundula amene seva yaikulu imalembamo chilichonse chosinthidwa, n'kuziunjika pa disiki ya repulika. Ndi amene mumamuona pa mzere wa `Replica_IO_Running`. Wachiwiri amatola zimene zaunjikidwazo n'kuzilowetsa m'matebulo, ndipo wake ndi mzere wa `Replica_SQL_Running`. Zili ngati lole yobweretsa matumba pakhonde, ndi mnyamata wonyamula matumbawo kupita nawo m'nkhokwe. `Seconds_Behind_Source` imayang'ana mnyamata yekhayo. Imatenga nthawi yolembedwa pa thumba limene wasenza panopa, n'kuichotsera ku nthawi ya tsopano. Pakhonde pakakhala popanda thumba, imati 0. Lole ikhoza kukhala itatchona pa mlatho wa Luangwa ndi katundu wodzaza, koma poti mnyamata ali chikhalire, nambala ikuuzani kuti zonse zili bwino.

Ine zinandionekera pa kampani ina imene ndinkagwirako ntchito. Waya wa intaneti wa ku nthambi unaduka, rauta n'kusamukira yokha pa laini yapadera ya foni, yomwe inkapereka pafupifupi 2 Mbps. Imeneyo ndi 250 KB pa sekondi. Pa tsiku wamba zinkakwanira, moti palibe anazindikira. Koma linali tsiku lomaliza la mwezi, ndipo ntchito yowerengera chiwongoladzanja inalemba pafupifupi 300 MB mu binilogi m'mphindi zochepa. Gawani 300,000 ndi 250, mupeza masekondi 1,200, kutanthauza mphindi 20. Binilogi imayenda pa mzere umodzi, palibe kudumphana, choncho malipiro onse amene analowa pambuyo pa ntchito ija anaima kumbuyo kwa mulu umenewo. Mayi wina wogulitsa pa msika analipira K500, kalaliki n'kumuuza kuti sizikuoneka, mayiyo n'kulipiranso. Chithunzi chathu chowunikira maseva chinali chobiriwira nthawi yonseyo. Tinatha sabata tikubweza ndalama ndi kupepesa.

Chizindikiro cha vuto limeneli mungachione lero lomwe. Lembani `SHOW REPLICA STATUS\G` kakhumi motsatizana pa nthawi imene makalaliki akudandaula. Mukaona nambala ikudumpha, apa 0, apa 900, apa 0 kachiwiri, dziwani kuti katundu akufika modontha: kathumba kakafika nambala imaonetsa ukalamba wake weniweni, kakangolowa m'nkhokwe imabwerera pa 0. Pulogalamu yowunikira imene imafunsa kamodzi pa mphindi nthawi zambiri imagwira 0 uja.

Kuti mutsimikize, yerekezerani malo mu binilogi mbali zonse ziwiri. Pa seva yaikulu lembani `SHOW MASTER STATUS`, kapena `SHOW BINARY LOG STATUS` ngati muli pa 8.4, ndipo muone `File` ndi `Position`. Pa repulika onani `Source_Log_File` ndi `Read_Source_Log_Pos`. Kusiyana kukakhala apa, vuto ndi msewu, ndiye kuti netiweki. Koma ngati apa pakufanana, pamene `Exec_Source_Log_Pos` ndi imene yatsalira kumbuyo kwa `Read_Source_Log_Pos`, katundu wafika ndipo wolowetsa ndiye akuchedwa. Apo yambani mwafufuza tebulo lopanda `PRIMARY KEY`, chifukwa `DELETE` yaikulu pa tebulo lotere ingachititse repulika kusanthula tebulo lonse mobwerezabwereza. Matenda awiriwa ali ndi mankhwala osiyana. Kuwonjezera `replica_parallel_workers` sikuthandiza kalikonse ngati chopinga ndi laini ya ku Chipata.

Palinso kanthawi kena kamene nambalayi imakhala chete. Laini ikafa mwakachetechete, repulika siizindikira msanga. Imadikira mpaka `replica_net_timeout` itakwana, yomwe mwachibadwa ndi masekondi 60, ndipo mpaka pamenepo mizere yonse iwiri imati `Yes`, nambala n'kumati 0. Ndipo mukadzaona `NULL`, musaiwerenge ngati 0. Ikutanthauza kuti mmodzi mwa antchito aja waima. Ndinaonapo kapulogalamu kolembedwa mothamanga kamene kankasandutsa `NULL` kukhala 0, repulika n'kukhala masiku awiri ili chiimire.

Chimene ndikukulangizani ndi kuika wotchi yanuyanu m'kati mwa deta. Pangani katebulo ka mzere umodzi pa seva yaikulu, ndipo kapulogalamu kena kazilembamo nthawi sekondi iliyonse:

```
CREATE TABLE kugunda (id INT PRIMARY KEY, nthawi DATETIME(3));
INSERT INTO kugunda VALUES (1, UTC_TIMESTAMP(3));
UPDATE kugunda SET nthawi = UTC_TIMESTAMP(3) WHERE id = 1;
```

Mzere wachitatuwo ndi umene uzibwerezedwa. Pa repulika muzifunsa motere:

```
SELECT TIMESTAMPDIFF(SECOND, nthawi, UTC_TIMESTAMP(3))
FROM kugunda WHERE id = 1;
```

Kamzere kameneka kamadutsa msewu womwewo umene malipiro amadutsa, ndipo kamaima pa mzere womwewo. Repulika ikanena kuti nthawi yomaliza imene yaiona ndi ya masekondi 900 apitawo, ndiye kuti chilichonse cholembedwa m'masekondi amenewo sichinafike. Laini ikaduka nambala imangokwerabe. Ngakhale kapulogalamu kolemba nthawi kakafa, nambala imakweranso, ndipo kulakwa kotere n'kwabwino chifukwa kumakudzutsani m'malo mokugonetsani. Ngati simukufuna kulemba zanu, `pt-heartbeat` ya mu Percona Toolkit imagwira ntchito yomweyi. Chenjezo ndi limodzi: mawotchi a maseva awiriwo azigwirizana, choncho ikani `chrony` konsekonse. Seva ya ku nthambi imene imazima magetsi akathima ikhoza kudzuka wotchi yake itasokonekera, ndipo masamu onsewa amathera pomwepo. Musadabwenso kuona 1 pamene zonse zili bwino, poti mukulemba kamodzi pa sekondi.

Tsopano za malire. Nambala imodzi yokwanira kampani yonse palibe, ndipo amene angakupatseni wangoganizira. Malire amachokera ku funso limene likufunsidwa pa repulikapo, ndi chimene munthu angachite akapatsidwa yankho lakale.

Tsamba limene kalaliki amatsegula munthu atangolipira ndilo loopsa kwambiri, ndipo apa ngakhale masekondi 2 ndi ochuluka. Munthu waima pa kauntala, uthenga wa malipiro uli m'manja. Chophweka ndi chakuti tsamba limeneli liziwerenga pa seva yaikulu basi. Ndi mzere umodzi kapena iwiri, sungalemetse seva, ndipo umadutsa bwino ngakhale pa laini yofooka chifukwa suima pa mzere wa binilogi. Ngati pali chifukwa chokakamiza kuti liwerenge ku Chipata komweko, ndipo `gtid_mode` yanu ili `ON`, musayeze masekondi. Funsani repulika ngati yaona kale zimene seva yaikulu yalemba. Tengani `@@GLOBAL.gtid_executed`, mndandanda wa zosintha zonse zimene seva yachita, pa seva yaikulu malipiro atalembedwa, kenako muuike m'malo mwa `<gtid_set>` pa repulika:

```
SELECT WAIT_FOR_EXECUTED_GTID_SET('<gtid_set>', 2);
```

Ikabweza 0, zonse zafika, werengani. Ikabweza 1, masekondi 2 atha zisanafike, ndiye pitani pa seva yaikulu kapena muuzeni kalaliki pa sikirini kuti adikire. Lamulo lomweli ligwirenso pa chilichonse chimene chimawerenga kenako n'kulemba, monga kuona ngati munthu ali ndi ngongole asanapatsidwe ina. Wina wochenjera akhoza kutenga ngongole ku Kamwala kuno ku Lusaka, m'bale wake n'kumutengera ina ku Chipata m'mphindi zomwezo repulika ikadali kumbuyo.

Zinazo n'zosavuta. Kufufuza dzina la kasitomala kapena mbiri ya malipiro a miyezi yapita, ine ndingalole masekondi 30, ndipo zikapitirira apo pulogalamu izisamukira yokha pa seva yaikulu. Malipoti a abwana angalole mphindi 5 kapena 10, bola pamwamba palembedwe kuti deta ndi ya nthawi yakuti, yotengedwa mu katebulo ka `kugunda`. Manambala amenewa ndi maganizo anga, khalani pansi ndi a zachuma muwasinthe. Lipoti lotseka tsiku lili ndi lamulo lakelake: lisayambe pokhapokha nthawi ya mu `kugunda` pa repulika itapitirira ola lotsekera. Kumbukirani kuti katebuloko kali pa UTC, ndipo Zambia ili patsogolo ndi maola 2, choncho pakati pa usiku kuno ndi 22:00 mmenemo.

Poika alamu, musaliritse foni pa kudumpha kamodzi. Muziyang'ana ngati nambala ikukwera kapena ikutsika. Repulika yotsalira masekondi 600 koma ikutsika idzipeza yokha. Yotsalira 60 koma ikuwonjezera sekondi pa sekondi iliyonse yaima ndithu, ndipo ndi imeneyo yofunika kudzukira usiku. Ikakhala chiimire kupitirira `binlog_expire_logs_seconds`, seva yaikulu idzafufuta binilogi imene repulika ikufunabe, ndipo mudzayenera kuimanganso kuchokera pa bakapu. Mwachibadwa pa MySQL 8.0 ndi masiku 30, koma ambiri amachepetsa pofuna kusunga malo pa disiki, ndiye onani zanu.

Chomaliza, ngati mumaganiza kuti ya ku Chipata ndiyo idzalowe m'malo seva yaikulu ikadzafa, kumbukirani mphindi 20 zija. Zimene sizinawoloke laini pa nthawi ya imfayo sizidzafika, ndipo ndi malipiro enieni a anthu amene ali ndi mauthenga awo pa foni. Repulika yolowa m'malo ikhale kuno ku Lusaka, pa netiweki yothamanga, m'nyumba ina yokhala ndi magetsi akeake. Ya ku Chipata isiyireni malipoti. Ikani katebulo kaja lero, mulembe nambala yake mphindi iliyonse mpaka mwezi uthe, kenako mudzatitumizire za tsiku la chiwongoladzanja tione limodzi.