“Simunasankhidwe”: kodi ndakanidwa kapena ndidikirebe?

Funso: Ndimagwira ntchito mu ofesi yolemba anthu ntchito pa bungwe lina lomwe likulu lake lili ku France. Abwana anandipatsa imelo ya Chifalansa yokanira anthu omwe sitinawatenge atachita intavyu, kuti ndiyiike m'Chichewa. Chiganizo chachikulu ndi ichi: “Nous avons le regret de vous informer que votre candidature n'a pas été retenue.” Ine ndinalemba kuti, “Pepani, pakadali pano simunasankhidwe.” Koma bambo wina akungoimbabe foni kufunsa tsiku loyamba ntchito. Ndinalakwitsa pati? Mayi wa ku Lilongwe.

Yankho: Mayi, bambowo sakuchita makani. Akungotsata zimene kalatayo inanena.

Tiyambe ndi “simunasankhidwe”. Mlendo akafika pakhomo n'kunena kuti “sindinadye”, tonse timamva kuti akuyembekeza nsima. Munthu yemweyo akamafotokoza za dzulo kuti “sindinadye ku ukwati kuja”, nkhaniyo ndi yakale, inatha. Polankhula timasiyanitsa ziwirizi ndi kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu, koma polemba sitiika zizindikiro zoonetsa zimenezi, choncho papepala zimaoneka chimodzimodzi. Amene akuwerenga ndiye amasankha tanthauzo, ndipo munthu wofuna ntchito amasankha lomwe likumupatsa chiyembekezo: simunasankhidwebe, dikirani. Inu munawonjezera “pakadali pano”, zomwe zinamutsimikizira kuti mawa zinthu zikhoza kusintha.

Chifalansa chija chilibe mpata wotere. Mawu akuti “n'a pas été retenue”, kutanthauza kuti pempho lakanidwa, akunena chinthu chimene chagamulidwa kale. Akanafuna kunena kuti sanamalize kusankha, akanaikapo “pas encore”, mawu ofanana ndi “-be” wathu wa mu “simunasankhidwebe”. Mfalansa akangoona “nous avons le regret”, kutanthauza kuti “ndife achisoni”, amadziwiratu kuti yankho ndi ayi, asanafike n'kumapeto kwa mzerewo. Ndi mawu omwe aliyense wofunsira ntchito kumeneko anawazolowera, pamodzi ndi ena ofanana nawo akuti “nous ne pouvons donner une suite favorable à votre candidature”, kutanthauza kuti sangapitirize ndi pempholo.

Palinso chinthu china chimene chiganizocho chikuchita, ndipo n'chimene chikupangitsa kuti chimveke chaulemu. Chimene chakanidwa si munthuyo ayi, koma “votre candidature”, pempho lake la ntchito. Munthuyo wasiyidwa ndi ulemu wake. Ifenso tingachite chomwecho. Musalembe kuti “mwakanidwa”, chifukwa mawuwa amamveka ngati a munthu wofunsira banja amene wabwezedwa. Musalembenso kuti “mwalephera”: ameneyo ndi mawu a mayeso, ndipo nthawi zambiri si zoona. Pa anthu asanu amene anafika pa intavyu, atatu akhoza kukhala oyenera ntchitoyo, malo n'kukhala amodzi. Ine ndimakonda kuti bungwe lisenze lokha ganizo lake, n'kunena mwachindunji chimene lachita: “taganiza zotenga munthu wina.” Mneni ameneyu sakukana, akunena chimene chachitika, choncho vuto la “-be” lija silingabuke.

Nayi kalata yonse monga mmene ndingailembere, potsata dongosolo la imelo ya Chifalansa, yomwe imathokoza kaye, n'kunena ganizo, n'kumaliza ndi mafuno abwino:

Mutu: Zotsatira za pempho lanu la ntchito ya dalaivala

Okondedwa Bambo,

Zikomo kwambiri chifukwa chofunsira ntchito ya dalaivala pa bungwe lathu, komanso chifukwa chobwera ku intavyu Lachiwiri lapitali.

Pepani kuti tikukudziwitsani uthenga umene simunauyembekezere. Titaunika mapempho onse, taganiza zotenga munthu wina pa ntchitoyi, choncho pempho lanu lathera pamenepa. Ntchito yosankha yatha ndipo ganizoli silisintha.

Tikukufunirani zabwino zonse pamene mukupitiriza kufunafuna ntchito.

Ife anu,
a ofesi yolemba anthu ntchito

Onani kuti “ayi” ali m'ndime yachiwiri, osati kumapeto. Mwachibadwa ife timafika pa nkhani yovuta mozungulira: moni, za kunyumba, za mvula, kenako nkhaniyo. Pamaso ndi pamaso zimenezo n'zabwino, chifukwa nkhope ndi mawu zimamukonzekeretsa munthu. Mu imelo, mizere isanu yoyamikira luso lake imamupangitsa kuganiza kuti wapata ntchito, ndipo akafika pa “koma” zimamupweteka kwambiri kuposa akanauzidwa msanga.

“Pepani” musamuchotse. Ena amaopa kuti akalemba “pepani” ndiye kuti bungwe lavomera kulakwa. Si choncho. Timanena “pepani” kwa munthu amene wapunthwa pamsewu ngakhale mwalawo sitinauike ndife. Ndi mawu omumvera chisoni, ndipo akugwirizana bwino ndi “regret” wa Chifalansa uja. Mawu oyenera kuwapewa ndi “mutikhululukire”, chifukwa amenewo ndiwo amavomera mlandu, ndipo munthu angafunse kuti mwandilakwira chiyani, ndipo mukonza liti.

Tsopano za chifukwa. Mwina munadabwa kuti imelo ya abwana anu sikufotokoza chimene bamboyo anaperewera. Ku France, kampani wamba sikakamizidwa ndi lamulo kupereka chifukwa chokanira munthu, koma malamulo a ntchito, pa gawo L1132-1, amaletsa kukana munthu chifukwa cha zinthu monga msinkhu, kumene amachokera, chipembedzo, thanzi, pathupi, kapena kuti ndi mwamuna kapena mkazi. N'chifukwa chake olemba makalatawa amasamala kwambiri, ndipo akapereka chifukwa chimakhala chokhudza ntchitoyo basi. Pomasulira musawonjezere zanu pofuna kutonthoza. Chiganizo ngati “timafuna wachinyamata” chimamveka chopepuka pakamwa, koma chikalembedwa chimasanduka umboni wa tsankho. Ngati abwana avomereza kuti chifukwa chitchulidwe, chikhale chotere: “amene tamutenga wayendetsa magalimoto akuluakulu kwa zaka zambiri, zomwe ntchitoyi ikufuna.”

Mzere wina umene umapezeka kawirikawiri m'maimelo amenewa ndi wonena kuti asunga zikalata za munthuyo. Kwa Afalansa uli ndi mbali ya lamulo: bungwe la CNIL, loyang'anira kasungidwe ka zinsinsi za anthu, limalangiza kuti zikalata za wofunsira ntchito amene sanatengedwe zisasungidwe kupitirira zaka 2 kuchokera pamene analumikizana naye komaliza, pokhapokha mwini wake atavomera. M'Chichewa mzerewu ndi woterera. Mukalemba kuti “tidzakuitanani mwayi ukapezeka”, mwalonjeza. Ngati mudzasungadi, nenani chimene chidzachitike ndi malire ake: “Ngati simukukana, tisunga zikalata zanu kwa zaka 2. Izi sizikutanthauza kuti takusungirani malo.” Ngati simudzasunga, mzerewo uchotseni. “Tiona”, “tidzakuuzani” ndi “musataye mtima” nawonso asapezekemo.

Pomaliza kalata, musavutike kumasulira liwu ndi liwu chiganizo chachitali chija cha “Veuillez agréer, Monsieur, l'expression de nos salutations distinguées”. Ngakhale Afalansa eni ake mu imelo amangolemba “Cordialement” nthawi zambiri. “Ife anu” akukwanira. Ulemu wa “vous” tili nawo kale mu “inu” ndi “-ni”, ndipo uyenera kukhalapo ngakhale wofunsirayo ali wamng'ono kwa inu.

Bambo akuimbawo musawatumizire imelo ina. Ayimbireni, muwauze kuti kalata yoyamba sinamveke bwino, kuti ntchitoyo yapatsidwa kwa munthu wina, ndipo asadikirenso.