Manotsi a mkulu wake akuti maboma alipo 24

"Ndimaphunzitsa ana a Fomu 4 Jogalafe madzulo ku Chibavi. Mtsikana wina akuwerenga manotsi a mkulu wake, koma zina ndikuona ngati n'zakale. Ndimuuze bwanji osamugwetsa ulesi?"

Aphunzitsi, chonde musamuuzire pagulu. Zimandiwawa mpaka pano zimene mphunzitsi wina wa pataimu anachita kwa kamtsikana kena kuno. Anakweza kope lake m'mwamba, chikuto chomata ndi selotepi, n'kuwerenga mokweza kuti "maboma 24", kenako n'kufunsa ngati analitola kudzala. Kalasi yonse kuseka. Mwana kungozyolika, misozi ili chuchuchu patsamba lomwelo. Pomwe kope limenelo ndi lokhalo limene kwawo anali nalo! Munthu wotere choko sichimuyenera. Enanso ondikwiyitsa ndi aja amachita fotokope manotsi akalekale, kusintha chikuto chokha, kulembapo chaka chino n'kumagulitsa kwa makolo osauka.

Inu yambani mwapeza zaka za manotsiwo musanakonze kalikonse. Sakani chaka chomaliza chimene chatchulidwamo, ndipo muone maboma a kumpoto kuno. Akatchula asanu, popanda Likoma, ndiye kuti gwero lake ndi la nthawi imene Likoma inali pansi pa Nkhata Bay. Akati maboma onse ndi 24, Balaka, Phalombe ndi Neno mulibemonso. Lero alipo 28. Mukaona dzina lakuti Swaziland, dziwani kuti analembedwa 2018 isanafike, chaka chimene dzikolo linakhala Eswatini. Mukadziwa msinkhu wa kope, mwadziwa poyang'ana: chiwerengero cha anthu, mayina a mayiko, malamulo ndi za magetsi. Za mmene mvula imapangikira kapena mitundu ya miyala sizikalamba msanga, musatayirepo nthawi.

Povuta kwenikweni ndi pamene nambala imodzi yakale yabereka zinzake. Tinene kuti kope likuti anthu m'Malawi alipo 13.1 miliyoni. Si bodza ayi, ndi kalembera wa 2008. Wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Tsono mukangosintha pamenepo n'kutseka kope, mwasiya matenda mkati, chifukwa tsamba lotsatira likhala likunenabe kuti pa sikweya kilomita imodzi pali anthu pafupifupi 139. Nambala imeneyo inachokera pogawa 13.1 miliyoni ndi kukula kwa mtunda, masikweya kilomita pafupifupi 94,000. Mupatseni mwanayo kakyuleta agawe yekha 17.5 miliyoni ndi 94,000, apeza 186. Akapeza 148, wagwiritsa ntchito 118,484, kukula kwa dziko lonse kuphatikizapo nyanja, ndipo mumuonetse kuti pamadzi sipakhala anthu. Kenako mutsate nambala yakaleyo kulikonse kumene yapita, m'matebulo ndi m'magirafu momwe.

Izi n'zosiyana ndi cholakwika cha pokopera. Kope likati nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 302, palibe chaka chimene zinali choncho. Ziro inagwa pokopera pabolodi, ndi 3,002. Mumazindikira pofunsa kuti kodi n'zomveka? Mzuzu weniweniyu ali pamwamba kuposa mamita 1,000, ndiye Sapitwa angakhale bwanji pansi pathu?

Pomuuza, khalani naye awiri, pensulo m'manja, osati bolopeni yofiira. Musafufute za mkulu wake. Dulani kamzere kamodzi kopepuka kuti zakale zizionekabe, m'mbali mulembe nambala yatsopano, chaka chake ndi buku limene mwaitenga. Mawu ake ndi ongati awa: "Akulu ako analemba zoona za nthawi yawo, kungoti kalembera wina anachitika pambuyo pake. Tiye tiwonjezere." Mumuuzenso masamba amene ali bwinobwino, apo ayi ataya kope lonse n'kutsala wopanda chowerenga. Ndipo inuyo mutsimikize kaye ndi silabasi komanso buku lovomerezeka limene sukulu zikugwiritsa ntchito panopa, musadalire za pamutu. Ngati manotsiwo ndi a mphunzitsi amene akumuphunzitsabe kusukulu, osatuma mwana kukamutsutsa. Pitani nokha, mufunse ngati munthu wofuna kudziwa: "Aphunzitsi, pa chiwerengerochi tizitsata kalembera uti?"

Koma ndinenenso, mayeso a MANEB akayandikira zonyengerera zichepe. Tsamba limene manambala ake onse ndi a 2008 lembanipo mtanda waukulu ndithu, alembe lina latsopano, chifukwa diso limaloweza chimene laona kawirikawiri ndipo m'chipinda cha mayeso chimabwera ndi chakale chija. Mukapeza kuti ana angapo anakopera kope lomwelo, ikani zokonzazo pabolodi kwa onse, osatchula kuti munazipeza mwa ndani. Mumuphunzitsenso kuti funso likabwera ndi tebulo lakelake, agwiritse ntchito manambala a patebulopo ngakhale akhale akale, ndipo akamalemba za pamutu azitchula chaka: "malinga ndi kalembera wa 2018".