Makina a fotokope tikungobwereka, alowa bwanji m'katundu wa kampani?

Mmodzi mwa awerengi athu watumiza kalata iyi: "Ndimagwira ntchito ya akawunti pa kampani ina ku Limbe. Tatenga makina aakulu a fotokope pa lizi ya zaka 3, tizilipira K6,000,000 kumapeto kwa chaka chilichonse, ndipo m'menemo muli sevisi ndi tona. Ine ndimati ndizingolemba ngati lendi, koma maodita akuti zilowe ngati katundu ndi ngongole. Makinawo si athu, ndiye ndilemba bwanji?"

Zikomo achimwene. Maodita akunena zoona ngati kampani yanu imatsatira IFRS yathunthu, malamulo okonzera mabuku a ndalama amene amatsatidwa m'mayiko ambiri, chifukwa kuyambira pa 1 Januwale 2019 lamulo la IFRS 16 linalowa m'malo mwa IAS 17. Chimene chikulowa m'mabuku si makinawo ayi, koma ufulu wowagwiritsa ntchito zaka zitatu, umene mwaugula pa ngongole. Ngati mumatsatira IFRS for SMEs, ya makampani ang'onoang'ono ndi apakatikati, nkhani ndi ina, kumeneko lizi wamba imalembedwabe ngati lendi, ndiye yambani mwafunsa kuti mabuku anu amakonzedwa pa lamulo liti.

Pali zipata ziwiri zothawira. Lizi yosapitirira miyezi 12, yopanda mwayi wogula katunduyo pamapeto, mukhoza kuilemba ngati lendi. Chimodzimodzi katundu wotchipa monga laputopu, foni kapena mpando, ndipo amene analemba lamuloli ankaganiza za chinthu cha madola pafupifupi 5,000 kapena kucheperapo chili chatsopano. Funsani mtengo wa makina anuwo ali atsopano. Ngati ukupitirira pamenepo, zipata zonse zatsekeka.

Ntchito yoyamba ndi kupatula K6,000,000 ija. Sevisi ndi tona si lizi, ndi ntchito imene akukuchitirani, ndipo imalembedwa ngati zowonongedwa za chaka chimene yachitika. Mumagawa potengera mtengo wa chilichonse pachokha. Tiyerekeze kuti sevisi ndi tona zatenga K1,000,000, makina atenga K5,000,000. Lamulo limalola kusapatula, koma mukatero ngongole yanu ifufuma ndi ndalama za tona, zimene ine sindiona phindu lake. Ndalama zolipira pa pepala lililonse losindikizidwa nazo sizilowa m'ngongole, chifukwa zimadalira kagwiritsidwe ntchito.

Kenako pafunika chiwongoladzanja. K5,000,000 yolipira zaka zitatu zikubwerazo silingana ndi K5,000,000 ya lero, ndiye malipiro onse amatsitsidwa kuti afike pa mtengo wa lero. Chiwongoladzanja chobisika m'lizi momwemo n'chovuta kuchidziwa, popeza mwini makina sakuuzani kuti akuyembekeza kudzawagulitsa zingati mukawabweza. Choncho ambiri amagwiritsa ntchito chimene banki ingawalipiritse atabwereka ndalama zonga zomwezo, kwa zaka zomwezo, pa chikole chofanana. Pemphani kalata ku banki yanu muisunge m'failo, maodita adzaifuna. Pano tiyerekeze kuti ndi 25 peresenti, kuti masamu ayende bwino.

Malipiro a chaka choyamba, pa mtengo wa lero, ndi K4,000,000. A chaka chachiwiri ndi K3,200,000, a chachitatu K2,560,000. Zonse pamodzi K9,760,000, ndipo iyi ndiyo ngongole ya lizi pa tsiku limene makina aperekedwa kwa inu, osati tsiku losainira. Mu Excel ndi mzere umodzi:

```
=PV(25%,3,-5000000)
```

Katundu wa ufulu uja amayambira pa nambala yomweyi, n'kuwonjezerapo zimene mwalipira kuti lizi itheke, zimene simukanalipira ikanalephereka. Tinene kuti munapereka komishoni ya K140,000 kwa amene anakulumikizani ndi eni makina. Katunduyo akhala K9,900,000, ndipo m'leja mulemba motere:

```
Dr Right-of-use asset   9,900,000
Cr Lease liability      9,760,000
Cr Bank                   140,000
```

Kuchoka apa awiriwa amasiyana njira, ndipo sadzafanananso mpaka tsiku lomaliza. Katundu amatsika mofanana chaka ndi chaka: K9,900,000 kugawa patatu ndi K3,300,000 ya dipirisiyeshoni. Tikugawa ndi zaka za lizi chifukwa makina adzabwerera kwa eni ake. Akanakhala kuti adzakhala anu pamapeto, mukanagawa ndi zaka zonse zimene angagwire ntchito.

Ngongole imayenda ngati ya ku banki. Chaka choyamba imabereka chiwongoladzanja cha K2,440,000, kufika pa K12,200,000, ndipo mukalipira K5,000,000 itsala K7,200,000. Chaka chachiwiri chiwongoladzanja ndi K1,800,000, itsala K4,000,000. Chaka chachitatu ndi K1,000,000, mulipira K5,000,000 yomaliza, itsala ziro. Ziro ameneyu ndiye mboni yanu. Tebulo likathera pa nambala ina, musapite nalo kwa maodita, penapake mwasokoneza chiwongoladzanja kapena nthawi yolipira. Zolemba za chaka choyamba ndi izi:

```
Dr Interest expense     2,440,000
Cr Lease liability      2,440,000
Dr Lease liability      5,000,000
Dr Service and toner    1,000,000
Cr Bank                 6,000,000
Dr Depreciation         3,300,000
Cr Accumulated depreciation 3,300,000
```

Konzekerani funso la abwana. Lendi ikanakhala K5,000,000 chaka chilichonse, koma tsopano chaka choyamba chikuonetsa K5,740,000, chachiwiri K5,100,000, chachitatu K4,300,000. Palibe amene waba. Zonse pamodzi ndi K15,140,000, kutanthauza malipiro atatu aja ndi komishoni, kungoti chiwongoladzanja chimalemera poyamba pamene ngongole ili yaikulu.

Pa balansi shiti ya chaka choyamba musaike K7,200,000 yonse malo amodzi. Imene idzachoke m'miyezi 12 ikubwerayo ndi K3,200,000, ndipo K4,000,000 ndi ya nthawi yaitali. Ambiri amalakwitsa poika K5,000,000 yonse ngati ya chaka chamawa, kuiwala kuti K1,800,000 ya m'menemo ndi chiwongoladzanja chimene sichinabadwe.

Cholakwika chofala kwambiri chimachokera pa invoyisi. Ikafika, wolemba malipiro amaiponya ku lendi monga anazolowera, inu kwinaku mwalemba kale dipirisiyeshoni ndi chiwongoladzanja. Zowonongedwa zimawerengedwa kawiri, ndipo chizindikiro chake n'chakuti ngongole m'leja ikungokwera m'malo motsika. Muuzeni mnzanuyo kuti gawo la makina lizipita ku akawunti ya ngongole.

Werenganinso pangano pa nthawi yolipira, chifukwa eni makina ambiri amafuna ndalama patsogolo. Zikanakhala choncho, K5,000,000 ya tsiku loyamba sikanalowa m'ngongole: ngongole ikanakhala K7,200,000, katundu K12,340,000. Mukadzakhala ndi lizi yolipira mwezi ndi mwezi, njira ndi yomweyi, koma ndi malipiro 36 ndi chiwongoladzanja cha pamwezi.

Onaninso ngati mtengo walembedwa m'madola. Ngongole yotere imawerengedwanso m'makwacha pa mtengo wa dola wa tsiku lotsekera mabuku, pamene katundu amakhalabe pa mtengo wa tsiku loyamba. Kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wokhala ndi lizi ya madola anaona ngongole ikudumpha usiku umodzi, katundu ali pomwepo, ndipo kusiyanako kunadya phindu la chaka chimenecho.