Si ufa uliwonse woyera umene uli mkaka

"Alangizi, ndili ndi ana anayi, wamng'ono wa zaka 2. Ndimawagulira mkaka wa ufa wotchipa pa kantemba kuti ndiziwathirira mu phala, koma mlamu wanga akuti si mkaka. Nanga ndidziwa bwanji?" Mayi wa ku Chiparamba

Amayi, tembenuzani paketiyo muone kumbuyo. Kutsogolo amajambulako kapu ya tiyi yofuka nthunzi kuti mukopeke, koma zoona zili pa tizilembo ting'onoting'ono tija tofuna kutsinzina diso.

Pezani pamene alemba zinthu zimene anasakaniza. Amayamba ndi chimene chachuluka, n'kumatsika mpaka chochepetsetsa. Mkaka weniweni umayamba ndi mawu oti mkaka, ndipo mndandanda wake ndi waufupi. Mukaona kuti choyamba ndi gulukosi, chachiwiri mafuta a zomera, dziwani kuti mlamu wanu sananame. Umenewo ndi ufa woyeretsera tiyi: shuga ndi mafuta basi. Mwana amaukonda chifukwa umatsekemera, mimba n'kudzaza, koma sikelo ya ku kiliniki siisuntha bwino.

Kenako onani kabokosi ka manambala, pa mzere wa puloteni, chakudya chomanga thupi. Werengani pansi pa magalamu 100, osati pa supuni imodzi, kuti muthe kufananitsa mapaketi awiri. Mkaka wa ufa weniweni umakhala ndi magalamu pafupifupi 25. Woyeretsera tiyi nthawi zambiri safika ngakhale 3. Ndiye wotchipa ndi uti pamenepa? Ngati Chingerezi chikuvuta, mtengeni mwana wasukulu akuwerengereni musanalipire. Tsiku lothera ntchito muonenso. Ufa womwe wogulitsa wapungulira m'tipulasitiki topanda chilembo, monga amachitira ndi pamela, ine sindingaupatse mwana.

Koma ndikunong'onezeni. Magalamu 25 omwewo ali mu nsawa zimene muli nazo m'nkhokwe. Kuno kwathu kwa Chalimbana, timagulitsa nsawa zonse kwa mavenda mu Meyi, kenako ndalama yomweyo tikugulira shuga wovala malaya a mkaka! Siyani thumba limodzi kapena awiri. Sankhani bwino, zachuku, zofota ndi zowawa mutaye kutali, chifukwa chuku cha nsawa chili ndi poizoni amene satha ngakhale mutakazinga. Zabwinozo sinjani, muthire masupuni awiri a nsinjiro mu phala la mwana aliyense, liwire bwino. Tsiku lina sinjani kapenta ndi mitu yake yomwe, popeza timafupa take ndi timene timalimbitsa mafupa a mwana. Nsawa pa zimenezo sizifika pa mkaka.

Unga wa phalalo ukhale wa mgaiwa kapena rola. Woyera mbee uja ndi wodula, chonsecho gaga ndi kamtima ka chimanga zinatsala ku chigayo.

Ndalama ikapezeka, gulani kapaketi kakang'ono ka mkaka weniweni, kakhale ka wazaka 2 uja. Akuluakuluwo nsinjiro ziwakwanira.