Hayiku yanga akuti ndawerenga molakwa

"Guyzi ndithandizeni, ndalemba kahayiku ka Chichewa koma wina akuti 5-7-5 yanga sinakwane komanso mulibe nyengo. Kodi amawerenga bwanji?"

Eeh asisi mwandikumbutsa mkwiyo wanga, ine zinandichitikira pa kampikisano kena ka pa intaneti ndipo mpaka lero ndikaganiza mtima umachita kuwawa. Ndinatumiza iyi:

chizimalupsa
mbewu zili m'nyumba
agogo chete

Hayiku ndi kandakatulo ka ku Japani ka mizere itatu, ya maphatikizo 5, 7 ndi 5, ndiye werengani nokha mukuwomba m'manja. Chi-zi-ma-lu-psa, 5. Mbe-wu-zi-li-m-nyu-mba, 7. A-go-go-che-te, 5. Ndiye jaji wake, bambo wodzimva kuti ndakatulo anabadwa nazo, analemba pagulu pomwe aliyense akuwona kuti mzere wachiwiri uli ndi maphatikizo 6 basi, ati ndibwerere ku pulayimale ndikaphunzire kuwerenga, anthu nkumaika tizithunzi toseka pansi pake, ena oti sanalembepo olo mzere umodzi. Ine manja kunjenjemera foni ili m'manja, ndikulemba yankho ndikufufuta, ndikulembanso, pofika potumiza anali atatseka kale makomenti. Munthuyo amawerenga a e i o u zokha basi, samamvera pakamwa pake. M wa mu "m'nyumba" amaima payekha, ndi mu uja wafupika, mumatseka milomo kaye kenako nkunena nyumba. Koma m wa mu "mbewu" saima payekha, mbe imatuluka kamodzi. Chimodzimodzi mtengo ndi m-te-ngo, atatu, pomwe mvula ndi mvu-la, awiri. Mukakayika yesani kubwezera u, ngati mutengo ikumveka ndiye m ameneyo muwerengeni, muvula palibe amanena.

Chondinyansa kwambiri nchoti eni ake ku Japani amawerenga ngati mmene ndinawerengera ine. Iwo amawerenga timagunda ta mawu totchedwa on, ndiye n wa kumapeto amakhala kugunda kwakekwake, liwu lokoka limakhala kawiri. Tokyo ife timaimva ngati awiri koma kwa iwo ndi to-o-kyo-o, anayi. Ija ya mlakatuli wawo Basho ya chule wodumphira m'dziwe lakale, ya mu 1686, imayamba fu-ru-i-ke-ya, asanu ndendende, ndipo liwu lomaliza loti ya ntchito yake nkudula ndakatulo pawiri kuti mupume kaye musanawone chithunzi chachiwiri. Ine kudula kwanga kunali pambuyo pa chizimalupsa.

Ndiye jaji uja anabweranso ndi nkhani ya nyengo ati mulibe kigo. Mulibe bwanji?? Kigo ndi liwu limodzi lokuuzani nthawi ya chaka popanda kutchula mwezi. Ku Japani ali ndi mabuku ake otchedwa sayijiki osonkhanitsa mawu amenewa, chule ndi wa nyengo yophukira zomera, mwezi wakumwamba ukangotchulidwa wokha ndi wa nyengo yoyoyoka masamba, ndipo anagwirizana choncho kalekale olo achule ndi mwezi zimawoneka nthawi zinanso. Bambowo anali ndi kamndandanda kameneko, akufufuza chipale ndi maluwa a cheri mu ndakatulo ya munthu wa kuno. Chizimalupsa aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti ndi kamvula ka nthawi yotentha, cha mu Okutobala tchire litapsa, ndipo sikodzalira, ukadzala mbewu zimapserera. Nchifukwa chake mbewu zili m'nyumba ndipo agogo sakusuntha. Liwu limodzi lanyamula kutentha, phulusa, fungo la dothi, ine osawononga phatikizo lililonse kunena kuti kunja kukutentha. Pa maphatikizo 17 mulibe malo ofotokozera, kigo ndi amene amakugwirirani ntchito imeneyo.

Ndiye yanuyo yang'anani ngati muli liwu lotero. Ngumbi ndi mvula yoyamba, bowa ndi dzinja, mondokwa ndi chakumapeto kwa dzinja, chiperoni ndi Juni Julaye. Limodzi lokha, mukaika ngumbi ndi chiperoni pamodzi owerenga sadziwa kuti aime mwezi uti. Dzuwa kapena mtengo paokha si kigo, zimenezo zilipo chaka chonse. Ngati mulibedi ndiye wakuuzaniyo sanalakwe pamenepo, yongokamba za anthu popanda nyengo ku Japaniko amaitcha seniryu.

Komabe asisi musalimbane nazo kwambiri za manambalazi, ambiri olemba m'Chingelezi anasiya kale 5-7-5 amangolemba mizere itatu yaifupi, chithunzi chikagwira chagwira. Ndipo ngati ndi za mpikisano pewani mawu a m' onsewa, m'nyumba m'mudzi mtengo mseu, sankhani oti ndi jaji waulesi yemwe awerenga osaphonya. Ine ndinasiya kuwaika ngakhale ndikudziwa kuti ndinalondola. Iponyeni pano tiiwombere m'manja limodzi.