Chithunzi cha droni cha malo ogulitsa ku Salima: chili pati kwenikweni?

"Abale, wina akundigulitsa malo ku Salima, akuti ali m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay. Wanditumizira chithunzi cha droni ichi pa WhatsApp. Ine ndili ku Joni, sindingapiteko msanga. Pali amene angazindikire kuti pamenepa ndi pati ndisanatumize ndalama?"

Achimwene, chithunzi chanucho ndachiyang'anitsitsa, ndipo ndisanafike patali ndinene kuti ndalamazo mubayamba mwazisunga. Dzina la mudzi sindikupatsani lero, koma ndikuonetsani chimene chikundikayikitsa, komanso momwe mungapezere malowo nokha pa kompyuta muli konko.

Choyamba n'chosavuta. WhatsApp ndi Facebook zimafufuta manambala a malo amene droni imalemba m'kati mwa chithunzi. Muwapemphe akutumizireninso chithunzi chenicheni chochokera mu droni, koma atumize ngati Document. Chikafika, pa kompyuta ikani pulogalamu ya exiftool, imene imawerenga manambala amenewa, kenaka lembani izi:

```
exiftool -gpslatitude -gpslongitude -datetimeoriginal chithunzi.jpg
```

Manambala akatuluka, aikeni mu Google Earth Pro, nkhani yafupika. Komabe manambala amenewa munthu wochenjera amatha kuwasintha, ndiye ngakhale atuluke, nthaka ya m'chithunzi iyenera kugwirizana ndi zimene setilaiti ikuonetsa. Nthakayo ndiye mboni yeniyeni, ndipo ndi imene ndikufuna tikambirane.

Anthu ambiri amathamangira kufufuza nyumba yofanana. Osayamba choncho. Muyambe mwadziwa kuti kumpoto ndi kuti, chifukwa woulutsa droni amaloza kamera kulikonse kumene wafuna, pamene mapu amaika kumpoto pamwamba. M'chithunzi chanu muli chotithandiza: kumtunda kumanzere kuli nyumba ya denga lobiriwira, yokhala ndi kansanja, ndipo khoma limodzi lili ndi kachipinda kotulukira kunja. Umenewo ndi mzikiti, ndipo kachipindako ndi pamene amaima wotsogolera mapemphero, moyang'ana ku Maka. Kuchokera ku Salima ndi ku Nkhotakota, kibula, mbali ya ku Maka imeneyi, ili kumpoto, kupendekera pang'ono chakum'mawa ndi madigiri pafupifupi 9. Choncho mzikiti wa kunyanja kuno uli ngati kampasi yoti sichoka pamalo. Mizikiti ina ya m'midzi anaimanga mongoyerekeza, ndiye imatha kuphonya pang'ono, koma siingakusocheretseni mpaka kusandutsa kumpoto kukhala kum'mawa.

Tsimikizirani ndi mithunzi. Ife tili pa madigiri pakati pa 13 ndi 14 kumwera kwa ikweta, ndiye m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo masana mthunzi umagwera kumwera, kutalika kwake ngati magawo atatu mwa anayi a mtengo womwe. Mu Disembala umagwera kumpoto koma waufupi kwambiri, ndipo chakumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale masana umangokhala pansi pa mtengo. M'chithunzi chanu minda ndi yokolola kale, udzu wauma, ndipo mithunzi ya mitengo ya mango ikugwera mbali yosiyana ndi kumene kachipinda ka mzikiti kaloza. Zinthu ziwirizi zikugwirizana: ndi nthawi yozizira, chakumasana, ndipo kumpoto ndi kumene mzikiti waloza.

Tsopano tembenuzani chithunzicho kuti kumpoto kukhale pamwamba, muone msewu wa tala uja. Ukuyenda kuchokera kumpoto kupita kumwera. Msewu wa ku Senga Bay ukachoka pa boma la Salima umalowera chakum'mawa, ulendo wa makilomita pafupifupi 20 kukafika kunyanja. Umene umayenda kumpoto ndi kumwera m'dera limeneli ndi M5. Izi zokha sizikwanira, chifukwa msewu uliwonse uli ndi makhota, ndipo chithunzi chikungoonetsa kachigawo kochepa. Chimene chandiimitsa mutu ndi mzere wina umene uli m'chithunzimo.

Pakona ya chithunzi pali mzere wowongoka, wopyapyala, wotuwa, woyenda pafupifupi mofanana ndi msewu. Ena pansipa alemba kuti ndi msewu wafumbi. Ine ndikukana. Msewu wafumbi wa kumudzi umakhotakhota pozemba mitengo ndi zithaphwi, umakula pena n'kuchepa pena, m'mbali mwake mumakhala nyumba zoyang'ana kumsewuko, ndipo tinjira timathera mwa iwo. Mzere uwu m'lifupi mwake simukusintha, wakwezedwa pamwamba pa minda moti uli ndi kamthunzi kake, palibe nyumba yoyang'anako, ndipo tinjira tikungoudumpha n'kupitirira. Chimenecho ndi chikhalidwe cha njanji. Tsono njanji ya kuno imachokera ku Balaka, kudzera ku Golomoti ndi ku Chipoka, kufika pa Salima, n'kukhotera kumadzulo kupita ku Lilongwe ndi ku Mchinji. Ku Senga Bay kulibe njanji, ku Nkhotakota kulibenso. Njanji yoyenda limodzi ndi msewu wa tala wa kumpoto ndi kumwera ikutilozera chigawo cha M5 cha kumwera kwa Salima, cha ku Chipoka. Ndiye m'malo mosakasaka boma lonse, mwatsala ndi lamba wa makilomita pafupifupi 30 kuchoka pa Salima kufika pa Chipoka, ndipo mukapanda kupezamo mupitirize chakumwera.

Musanatsegule mapu, tengani pepala mujambule chithunzicho ndi dzanja, koma mungojambula zinthu zosasuntha. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Nyumba za udzu zimagwa, za malata zimaphuka chaka ndi chaka, uvuni wa njerwa lero ulipo mawa waphwasulidwa, munda wa chimanga chaka chamawa ndi wa chinangwa. Zimene zimakhalitsa ndi mphambano, milatho, sukulu ndi bwalo lake la mpira, mzikiti kapena tchalitchi, milambe, ndiponso manda. Manda musawapeputse: pamene mitengo ina yonse inatha ndi nkhuni ndi makala, ya kumanda anthu saidula wamba, ndiye kuchokera kumwamba amaoneka ngati kachilumba ka mitengo yothithikana pakati pa minda, ndipo kaumbidwe kake kamakhala komweko kwa zaka zambiri. M'chithunzi chanu muli amodzi otero, kuseri kwa sukulu.

Pa pepalapo mulembe ndondomeko yake, kuchokera kumsewu kupita kunjanji: tala, kenaka midadada itatu ya sukulu yoimikidwa ngati U, bwalo la mpira, manda, minda, njanji. Mzikiti uli kumpoto kwa sukulu, tsidya lomwelo la msewu. Chimene mukusaka pa setilaiti si chimodzi mwa izi, koma zonse pamodzi mu ndondomeko imeneyi. Sukulu ya midadada itatu ndi bwalo zili mbwee m'mbali mwa M5. Koma sukulu yotero yokhala ndi manda kuseri, mzikiti kumpoto ndi njanji kumapeto, mwina ndi imodzi yokha.

Pa nkhani ya mitunda chenjerani. Chithunzi chanu sanachijambule kamera italoza pansi molunjika, anachijambula chopendeka, ndiye zapafupi zikuoneka zazikulu, zakutali zafinyika. Mukayeza ndi rula pa sikirini kuti kuchokera kumsewu kufika kunjanji ndi mabwalo a mpira awiri, ndiye kuti mamita 200, mukhoza kuphonya kwambiri. Kuwonjezera apo mabwalo a m'sukulu zathu sakhala onse a mamita 100, ena ndi aafupi. Pali zinthu ziwiri zimene kupendeka sikuwononga. Choyamba ndi kuwerenga: midadada ingati, minda ingati pakati pa manda ndi njanji, tinjira tingati tochoka pa tala. Chachiwiri ndi kulunjikana: zinthu zitatu za pansi zikakhala pa mzere umodzi m'chithunzi, zilinso pa mzere umodzi pa nthaka. Mwachitsanzo, mzere wochoka pa mphambano ya kanjira kolowa kusukulu, kudzera pakona ya bwalo, ukukathera kumapeto kwa manda. Mukapeza malo amene mukuwaganizira, jambulani mzere womwewo ndi Ruler mu Google Earth Pro. Ukaphonya manda, si pamenepo, ngakhale zina zonse zikhale zofanana. Gwiritsani ntchito tsinde la chinthu, osati denga kapena nsonga ya mtengo, chifukwa zazitali zimaoneka zopendekera kumbali.

Minda nayo imalankhula. Tizigawo ting'onoting'ono ta makona anayi tolekanitsidwa ndi timizere tokwezeka ndi minda ya mpunga. Tikakhala tofanana bwino, tondandalikana m'mbali mwa ngalande zowongoka, ndiye kuti ndi sikimu ngati ya ku Lifuwu kapena ya ku Bua. Zigawo zikuluzikulu zobiriwira ngakhale m'chilimwe, zina zozungulira chifukwa cha makina othirira, ndi nzimbe, monga za ku Dwangwa. M'chithunzi chanu mulibe zimenezi. Muli minda ya kumtunda ya malire okhotakhota, ndipo cha kunjanji kuli tizigawo ta mpunga tosafanana kukula, pa nthaka yakuda. Pamenepo ndi dambo, ndipo mzere wofiira umene wogulitsa wajambula posonyeza malowo ukulowa m'menemo. Kwa munthu wofuna kumanga, zimenezi n'zofunika kuposa dzina la msewu.

Mukamasaka, ikani maso pa mtunda woti sukulu izioneka bwino, mutsate M5 pang'onopang'ono kuchoka pa Salima, muziima pa sukulu iliyonse imene ili pakati pa tala ndi njanji. Chithunzi cha setilaiti chikhoza kukhala cha zaka zingapo zapitazo kapena cha nyengo ina, ndiye nyumba zikasiyana pang'ono musataye malowo. Tsegulani Historical Imagery muone zaka zina. Mukawapeza, onani makamaka chithunzi cha Malichi kapena Epulo ngati chilipo, kuti muone pamene madzi amafika. Chikasowa, zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2 zimajambulidwa pafupifupi masiku asanu alionse. Kadontho kamodzi ndi mamita 10, moti nyumba simungaione bwino, koma dambo lodzaza madzi limaoneka.

Chinanso, anthu ena amatembenuza chithunzi ngati pagalasi kuti chisazindikirike. Kuno galimoto zimayenda kumanzere, ndiye minibasi ili pa tala ija ingakuuzeni ngati mutaona kumene yaloza. Ndondomeko yanu ikapezeka pa mapu koma zonse zili mbali yosemphana, ganizirani zimenezo.

Sindikunena kuti wogulitsayo ndi wakuba. Mwina watumiza chithunzi cha malo ena molakwitsa, mwina ali ndi malo angapo. Ndipo ngakhale mutapeza kuti chithunzi n'cha pamalo pomwe akunenapo, sichikuuzani kuti mwini wake ndani. Zimenezo ndi za amfumu a deralo, eni minda yoyandikana ndi ofesi yoona za malo ku boma. Koma panopa mufunseni funso limodzi lokha, osamuuza chifukwa chake: sukulu ikuoneka m'chithunziyo dzina lake ndi chiyani? Akakuuzani, ilembeni pano tiifufuze pa mapu, tione ngati ili ku msewu wa ku Senga Bay kapena wa ku Chipoka.